Akuigwira ndani ndege m'mwamba? Yesani nokha ndi chivundikiro cha poto

Amalume anga ali ndi boti la injini ku Senga Bay, ndipo sakhulupirira chinthu chimene sanachigwire ndi manja awo. Tsiku lina tikusoka ukonde pamchenga, ndege inadutsa m'mwamba kwambiri ikusiya kamzere koyera. Anaiyang'ana mpaka inazimiririka, kenaka anati, "Iwe mphwanga, paja umati unapita kusukulu. Nangula wanga ndikamuponya m'madzi amamira pompo. Nanga chitsulo chijachi, anthu ali m'kati ndi katundu wawo, akuchigwira ndani?"

Ndinayamba kuwalakatulira za m'buku, iwo n'kumangopitiriza kusoka. Anadzamva titalowa m'madzi ndi chivundikiro cha poto. Ndiye njira imene ndikupatseni pano. Mufunika chivundikiro chophwatalala kapena mbale yachitsulo, madzi okwanira, pepala la m'kope, lula, ndi foni yowerengetsera masamu.

Choyamba: dziwani katundu amene tikunena

Titenge Boeing 737-800, ndege yodziwika kwambiri pa maulendo a mu Africa muno. Ikadzaza mafuta, anthu ndi katundu, imaloledwa kunyamuka ikulemera mpaka makilogalamu pafupifupi 79,000. Amenewo ndi matumba a chimanga 1,580 a makilogalamu 50. Thupi lake mbali yaikulu ndi aluminiyamu, chitsulo chopepuka chomwe chija amapangira mapoto, komabe matani 79 ndi matani 79.

Tsopano gawani. Mapiko ake onse awiri kukula kwake ndi masikweya mita pafupifupi 125. Mukagawa 79,000 ndi 125 mupeza 632. Ndiye kuti kachigawo kalikonse ka phiko ka mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi kayenera kunyamula makilogalamu 632, matumba 12 kapena 13.

Zikumvekabe zambiri, mpaka mutadziwa kuti mpweya nawo ndi wolemera. Tili pansi pa nyanja ya mpweya, ndipo kulemera kwake kumapsinja sikweya mita iliyonse ndi mphamvu ya matani pafupifupi 10, matumba 200. Sitikumva kupsinjako chifukwa kumachokera mbali zonse mofanana, pamwamba, pansi ndi m'kati mwathu momwe. Phiko la ndege ili pansi nalonso likupsinjidwa ndi matani 10 pamwamba ndi matani 10 pansi, choncho palibe chochitika. Ntchito ya phiko ndi kusokoneza kufananako pang'ono chabe. Kupsinja kwa pansi kukaposa kwa pamwamba ndi magawo 6 pa magawo 100 alionse, makilogalamu 632 aja apezeka, ndege yanyamuka. Amene denga lake la malata linasasukapo ndi mphepo ya mkuntho akudziwa kuti mpweya sufuna zambiri kuti unyamule chinthu chotakata.

Chachiwiri: lowani m'madzi

Apa mpofunika kutenga nthawi, chifukwa zina zonse zatsamira pamenepa.

Madzi ndi mpweya zimayenda mofanana zikakumana ndi chinthu, kungoti madzi amalemera kuposa mpweya nthawi pafupifupi 800. N'chifukwa chake zimene phiko limamva pa liwiro lalikulu mumpweya, inu mungazimve m'madzi ndi liwiro la mkono wanu. Imani m'nyanja pamene madzi akulekeza m'chiuno. Ngati mukuopa likodzo kapena muli kumtunda, bafa lalikulu lodzaza madzi ligwira ntchito.

Gwirani chivundikiro chija pansi pa madzi chitagona mosapendekeka, ngati mmene chimakhalira pa poto. Chikokeni cham'mbali mofulumira osachipendeketsa. Chingodula madzi ngati mpeni, osakwera osatsika.

Kenaka kwezani pang'ono mbali yotsogola, kuti chikhale chopendekeka, ndipo kokaninso. Mumva chikufuna kuthawira m'mwamba, mkono wanu n'kumalimbana nacho. Imeneyo ndiyo mphamvu yonyamula. Yang'anani madzi kumbuyo kwa chivundikirocho: akupita pansi, ndipo ngati mchenga uli pafupi muuona ukuvunduka. Chivundikiro chakankhira madzi pansi, madzi nawo achikankhira m'mwamba ndi mphamvu yofanana. Amalume atamva zimenezi m'manja mwawo anaseka, n'kunena kuti, "Si nkhafi imeneyi?" Ananena zoona. Wopalasa amakankhira madzi kumbuyo kuti bwato lipite kutsogolo. Phiko limakankhira mpweya pansi kuti ndege ikhale m'mwamba, ndipo limachita zimenezi osapuma, matani ndi matani a mpweya pa sekondi iliyonse.

Musaganize kuti ndi mimba ya phiko yokha imene ikugwira ntchito. Mpweya wodutsa pamsana pa phiko umatsatira kupindika kwake, umathamanga kwambiri, kupsinja kwake kumachepa, ndipo ukafika kumapeto umachoka ukulowera pansi. Pa ndege yeniyeni, gawo lalikulu la mphamvu yonyamula limachokera pamsanapo. Kunena kuti phiko likukankhira mpweya pansi ndi kunena kuti kupsinja kwa pamwamba kwachepa ndi nkhani imodzi yomweyo, ngati mmene mungafotokozere ng'ombe kuyambira kumutu kapena kumchira.

Pali kafotokozedwe kena kamene ambiri tinakopera m'makope: akuti mpweya wapamsana uli ndi njira yaitali, ndiye umathamanga kuti ukakumane ndi mnzake wapansi kumapeto kwa phiko. Kameneka katayeni. Mpweya sunapangane ndi wina kuti ukumane naye, ndipo akayeza amapeza kuti wapamsana umafika kumapeto msanga, wapansi asanafike. Ndiponso chivundikiro chanu chanyamuka popanda msana wopindika, ndipo ndege zochita masewera zimauluka chadodolido, mimba ili m'mwamba. Kupindika kwa phiko kumathandiza kuti mpweya ukhote bwino osasokonekera, koma chachikulu ndi kupendekeka kwa phiko pokumana ndi mpweya.

Musanatuluke m'madzi, chitani chinthu china. Onjezerani kupendekeka pang'onopang'ono uku mukukoka. Mphamvu yonyamula izikula, izikula, kenaka mwadzidzidzi chivundikiro chiyamba kunjenjemera, madzi kumbuyo kwake ayamba kuzungulirazungulira, kukwera kutha, kutsala kulemera kokha pokoka. Sungani zimenezi m'mutu, tibwererako.

Chachitatu: onjezani liwiro, muwerengere

Kokani chivundikiro mwaulesi, kenaka mwamphamvu, kupendekeka kuli komweko. Muona kuti mphamvu ikukula msanga kuposa mmene mkono wafulumirira. Lamulo lake ndi lakuti liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu yonyamula imawirikiza kanayi, likawirikiza katatu, iyo imawirikiza kasanu ndi kanayi. Akatswiri amalemba chonchi:

```
L = 0.5 × ρ × v² × S × CL
```

Chilembo choyamba ndi mphamvu yonyamula. Pambuyo pa 0.5 pali kulemera kwa mpweya wodzaza bokosi la mita imodzi mbali zonse, kumene m'mbali mwa nyanja ya mchere kumakhala makilogalamu 1.2. Kenaka liwiro, mamita pa sekondi, lochulukitsidwa lokha. Kenaka kukula kwa mapiko, 125 uja. Chomalizacho ndi nambala yosonyeza mmene phiko lagwirira mpweya malinga ndi maonekedwe ake ndi kupendekeka kwake. Tiyerekeze kuti ponyamuka ndi 1.8, imene ili m'gulu la manambala a phiko lopendekeka lomwe lafutukulidwa.

Mphamvu amaiyeza m'manyutoni, ndipo kilogalamu imodzi imakokedwa pansi ndi manyutoni 9.81. Ndege yathu ikufuna manyutoni pafupifupi 775,000. Kuti mupeze liwiro lofunika, ikani mufoni:

```
0.5 × 1.2 × 125 × 1.8 = 135
775000 ÷ 135 = 5741
√5741 = 76
```

Mamita 76 pa sekondi ndi makilomita pafupifupi 273 pa ola. Limenelo ndilo liwiro limene mapiko akwanitse kunyamula matumba 1,580 aja. Kuti muone mphamvu ya kuwirikiza, yesani liwiro la minibasi yothamanga pa msewu wa Lilongwe, makilomita 100 pa ola. Mapiko omwewo anyamula matani 10 ndi theka okha. Pa makilomita 200 anyamula matani 42. N'chifukwa chake ndege imathamanga nthawi yaitali pamsewu wake ngati siinyamuka, kenaka masekondi omaliza zonse zimachitika nthawi imodzi: woyendetsa amakweza mphuno, phiko limapendekeka, matayala n'kusiya pansi.

Tsopano sinthani nambala imodzi yokha. Bwalo la ndege la Kamuzu ku Lilongwe lili pamtunda wa mamita opitirira 1,200 kuchokera pa nyanja ya mchere, pamene ife kuno ku Salima tili cha m'ma 500. Mukamakwera, mpweya umapepuka, ndipo ukatentha umapepukanso. Masana a mu Okutobala ku Lilongwe, bokosi lija limatha kulemera kilogalamu imodzi yokha m'malo mwa 1.2. Bwerezani masamu aja mutaika 1.0, mupeza mamita 83 pa sekondi, makilomita pafupifupi 300 pa ola. Ndege yomweyo, katundu yemweyo, koma ikufunika liwiro loonjezera ndi msewu wautali, pamene injini nazo zikupuma mpweya wopepuka womwewo ndipo mphamvu yake yatsika. Pa chifukwa chimenechi oyendetsa amawerengera kutentha kwa tsikulo asananyamuke, ndipo pa mabwalo aafupi kapena okwera nthawi zina katundu wina amatsala.

Chachinayi: injini sinyamula ndege

Anthu ambiri amaganiza kuti injini ndizo zimagwira ndege m'mwamba. Taonani manambala. Injini iliyonse ya ndege yathuyi ikalira mphamvu zake zonse imakankha ndi manyutoni pafupifupi 120,000, ngati matani 12. Ziwiri ndi matani 24. Ndege ikulemera matani 79. Mutaiimika choloza kumwamba n'kuyatsa injini zonse, siingachoke pansi.

Injini ili ngati ng'ombe za pangolo. Ng'ombe sizisenza matumba, zimangokoka, osenza ndi matayala. Injini imapereka mphamvu yokankha kuti ndege iziyenda, ndipo ikamayenda mapiko amapeza mpweya wokankhira pansi.

Kakankhidwe kake nakonso ndi ka nkhafi. Kutsogolo kwa injini kuli chikupizo chachikulu, pa ndege imeneyi m'mimba mwake ndi mita imodzi ndi theka, chimene chimameza mpweya n'kuuponyera kumbuyo. Gawo lochepa la mpweyawo limalowa m'kati, limapanikizidwa, limasakanizidwa ndi mafuta amtundu wa palafini n'kuyaka, ndipo moto umenewo umazunguza timapiko timene timayendetsa chikupizo chija. Mpweya wambiri, magawo pafupifupi asanu pa gawo limodzi lolowa pamoto, umangodutsa m'mbali osapsa, ndipo ndi umenewu umene umakankha kwambiri. Amene anaonapo injini ya boti ikuvundula madzi kumbuyo waona zomwezo.

Chachisanu: yezani mphamvu yobweza ndi ndege ya pepala

M'madzi muja munamva zinthu ziwiri, chivundikiro kukwera, komanso madzi kukaniza kuti chisapite kutsogolo. Kukanizako ndiko mphamvu yobweza, ndipo ndi imene injini ikulimbana nayo ulendo wonse. Ndege ikamauluka mosakwera mosatsika, pa liwiro losasintha, mphamvu yonyamula imafanana ndi kulemera, yokankha imafanana ndi yobweza.

Kubwezaku kuli pawiri. Kwina ndi kwa thupi la ndege pong'amba mpweya ndi kukhulana nawo, kumene mumakumva mukamapalasa njinga moyang'anizana ndi mwera mu Julayi. Kumeneku kumakula ndi liwiro, nakonso kuwirikiza kanayi liwiro likawirikiza kawiri. Kwina ndi mtengo umene phiko limalipira ponyamula: kunsonga kwa phiko mpweya wapansi umazembera pamwamba n'kupanga kamvulumvulu, ndipo kameneka kamadya mphamvu, makamaka ndege ikamayenda pang'onopang'ono phiko litapendekeka kwambiri. Tinsonga topindikira m'mwamba timene mumationa kumapeto kwa mapiko ntchito yake ndi kuchepetsa kamvulumvuluka. Nkhwazi ikamayandama pamwamba pa nyanja, yang'anitsitsani nthenga za kunsonga kwa mapiko ake mmene zimatambalalira ngati zala. Nayonso ikuchepetsa vuto lomwelo.

Pindani ndege ya pepala, mtundu uliwonse umene mumaudziwa, bola mapiko akhale otakata ndi ofanana. Sankhani m'nyumba kapena m'kalasi mopanda mphepo. Igwireni pa utali wa mita imodzi ndi theka kuchokera pansi, ndipo muikankhe pang'ono molunjika kutsogolo. Musaigende ngati mwala, mukatero mukuyeza mkono wanu osati phiko. Yezani pamene yagwera, chitani kasanu, tengani za pakatikati.

Ikafika mamita 6, gawani 6 ndi 1.5, mupeza 4. Tanthauzo lake n'lakuti pa mita iliyonse imene yatsika yapita mamita 4 kutsogolo, ndipo nambala yomweyo ikukuuzani kuti mphamvu yake yonyamula ikuposa yobweza kanayi. Ndege zazikulu zonyamula anthu zimafika cha m'ma 17. Ndiye ngati yathu ija yatsika kufika matani 70 mafuta ena atapsa, yobweza ndi matani 4 okha, ndipo injini zikufunika kukankha matani 4 basi kuti matani 70 akhale m'mwamba. Kuulukira pa makilomita 11 m'mwamba kumathandizanso, chifukwa kumeneko mpweya umalemera osakwana gawo limodzi mwa magawo atatu a wapansi pano, ndipo ndege imathamanga makilomita opitirira 800 pa ola osabwezedwa kwambiri.

Nambala yomweyo ya 17 ikuyankha funso limene aliyense amafunsa: injini zonse zitazima? Ndege sigwa ngati nangula. Imatsetsereka ngati ya pepala ija. Kuchokera pa makilomita 11, masamu akupereka makilomita opitirira 180, kuposa ulendo wa Salima kukafika ku Lilongwe, ngakhale kuti zenizeni zimacheperapo chifukwa cha mphepo ndi kukhota. Mu Ogasiti 2001 ndege ya mtundu wa Airbus A330 inatha mafuta pamwamba pa nyanja ya Atlantic, inatsetsereka makilomita pafupifupi 120 popanda injini n'kukatera pa zilumba za Azores, ndipo onse anapulumuka.

Ndege yanu ya pepala ikavuta, muidziwa ndi kagwedwe kake. Ikamalowetsa mphuno pansi msanga, pindirani m'mwamba pang'ono kumbuyo kwa mapiko onse awiri, theka la sentimita likwana. Ikamakhotera mbali imodzi, iyang'aneni kuchokera kumphuno, phiko lina lapindika mosiyana ndi linzake. Ikamakwera, kuima m'malere, kugwa chamutu, kenaka kukweranso, mwapinda kwambiri kapena kumphuno kwapepuka. Bwezani pang'ono kapena manani kawaya kogwirira mapepala kumphuno.

Chachisanu ndi chimodzi: pamene phiko limataya mpweya

Kuima m'malere kwa ndege ya pepalako ndi chimodzimodzi ndi kunjenjemera kwa chivundikiro kuja. Phiko likapendekeka mopitirira madigiri pafupifupi 15, mpweya wapamsana umalephera kukhota nalo, umalisiya n'kuyamba kuzungulira, ndipo mphamvu yonyamula imatsika mwadzidzidzi pamene yobweza ikukwera. Kuti muone kuchepa kwa madigiri 15, gonekani lula la masentimita 30 patebulo, kwezani mbali imodzi ndi masentimita 8. Malire ake ndi amenewo. Ndege ikakhala paulendo m'mwamba, kupendekeka kwake kuli ngati kukweza lula lomwelo ndi sentimita imodzi kapena awiri.

Vutoli silikhudza injini, likhoza kuchitika injini zikulira bwinobwino. Nthawi zambiri limabwera liwiro likachepa, chifukwa woyendetsa amayenera kukweza mphuno kuti phiko linyamulebe katundu yemweyo, mpaka kupendekeka kufika pamalire. Zizindikiro zake ndi kunjenjemera kwa ndege, ndipo pa ndege ngati yathuyi chiwongolero chimagwedezedwa dala ndi makina kuti woyendetsa achenjere zisanafike pamenepo. Mankhwala ake amatsutsana ndi mtima wa munthu. Ndege ikuyamba kutsika, mtima ukuti kokera m'mwamba, koma choyenera ndi kutsitsa mphuno kuti mpweya ugwirenso pamsana pa phiko, kenaka kuonjezera mphamvu ya injini. Yesani m'madzi: chivundikiro chikayamba kunjenjemera, chepetsani kupendekeka uku mukukokabe, mumva chikugwiranso.

Mukadzakwera ndege, pemphani mpando wa pazenera cha kumbuyo kwa phiko. Isananyamuke mumva kulira kwa makina, muone kumbuyo kwa phiko kukufutukuka n'kuwerama pang'ono. Amenewo ndi mafulapu, amakulitsa phiko ndi kulipinda kuti nambala yomaliza ija ikwere, ndege inyamuke pa makilomita 273 m'malo mofuna liwiro lalikulu kuposa apo. Ikakwera amabwerera m'kati, chifukwa amabweza kwambiri. Potera amatuluka onse, ndipo nthawi imeneyi kubwezako kukufunika. Matayala akangogunda pansi, zitseko zina pamsana pa phiko zimadzuka chilili. Zimenezo zikupha dala mphamvu yonyamula, kuti kulemera konse kukhale pa matayala, mabuleki agwire.